Odi wa pa imelo: kapemphedwe ka masiku owonjezera kwa alekichara

Linali Lachiwiri usiku, cha m'ma 9 koloko, pamene foni yanga inalira. Anali mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene ali chaka chachiwiri pa yunivesite ku Zomba.

"Amalume, agogo a ku Kasungu aja atisiya madzulo ano. Ndinyamuka mawa m'bandakucha. Koma ndili ndi asayimenti yoti ndipereke Lachisanu lomweli. Ndalembera alekichara imelo, tayioneni kaye ndisanatumize."

Nditampepesa, ndinatsegula zomwe ananditumizira pa WhatsApp. Kalatayo inali yaulemu kwabasi. Inayamba ndi moni, n'kufunsa za kunyumba kwa alekicharawo, n'kuthokoza chifukwa cha kaphunzitsidwe kawo kabwino. Kenako inafotokoza mmene agogowo anamulerera, mmene anadwalira, ndi mmene banja lavutikira chaka chino. Pempho lenileni linali mu mzere womaliza: "Chonde ndithandizeni ngati mwana wanu, ndidzapereka ndikangobwerako."

Munalibe bodza ngakhale limodzi m'kalatamo. Komabe ndinamuuza kuti asatumize. Munalibe dzina la kosi, munalibe nambala yake ya pasukulu, ndipo chachikulu, munalibe tsiku. Munthu wolandira kalata yotere, ngakhale akhale wachifundo chotani, alibe choti avomere.

Malonje ali ndi malo ake

Mnyamatayo sanalakwe mwadala. Analemba monga momwe tinamulerera. Kwathu kuno ukapita kwa munthu wamkulu kukapempha kanthu, sufikira kutula nkhani. Umayamba ndi odi, akupatsa pokhala, mupatsana moni, ulonjera, ndipo chimene wadzera chimatuluka pamapeto, mwina utatsala pang'ono kutsanzika. Wofikira kunena chofuna chake timamuona ngati wopanda mwambo.

Koma pakhonde paja mwininyumba amakhala ndi mlendo mmodzi. Alekichara akatsegula foni amapeza maimelo mulu, ochokera kwa ophunzira a makalasi angapo, ndipo kalasi imodzi ikhoza kukhala ndi anthu oposa 100. Ambiri mwa maimelowo amawawerenga ali chiimire, atatuluka m'kalasi ina akuthamangira ina. Pamenepo ulemu umasintha maonekedwe. Wolemekeza alekichara ndi amene wawapatsa zonse zofunika m'mizere yochepa, moti angathe kuyankha ndi mawu awiri osafunsanso kanthu.

Zofunikazo n'zinayi: ndinu ndani ndipo ndi ntchito iti, chachitika n'chiyani, ntchitoyo yafika pati, ndipo mudzapereka liti. Mwa zinayizi, chomwe ophunzira ambiri amachisiya n'chomalizacho, pamene ndicho mutu wa nkhani yonse.

Chifukwa chake tsiku liyenera kutchulidwa

Wophunzira amaopa kutchula tsiku poganiza kuti zioneka ngati akulamula wamkulu. Ndiye amalemba kuti "posachedwa", "ndikapezako bwino" kapena "sabata yamawa". Mawu amenewa amasenzetsa alekichara ntchito yoganizira okha kuti malirowo atenga masiku angati ndiponso kuti asayimentiyo yatsala yochuluka bwanji, zinthu zimene iwo sangazidziwe.

Palinso chifukwa china chogwirika. Kumene ntchito imaperekedwa kudzera pa Moodle, alekichara amaika nthawi yoperekera, Due date, ndipo akafuna amaikanso nthawi yotsekera, Cut-off date. Nthawi yachiwiriyi ikakwana, khomo limatsekeka lokha, wophunzira sangatumizenso kanthu. Kuti amutsegulire munthu mmodzi, alekichara amasankha Grant extension pa dzina lake, ndipo pamenepo kompyuta imafuna tsiku ndi ola. Mawu akuti "ndikangobwerako" alibe polowa.

Kuwonjezera apo, alekichara nawonso ali ndi kalendala yawo. Pali tsiku limene akufuna kubweza mapepala ochongedwa kapena kukambirana mayankho m'kalasi, ndipo likadutsa tsiku limenelo sangalandirenso ntchito ya munthu amene wamva kale mayankho. Palinso tsiku limene malikisi a m'kati mwa semesita ayenera kufika ku dipatimenti. Mukatchula tsiku lanu, iwo amangoliyika pambali pa masiku awowo n'kuona ngati likukwana.

Tsiku limawerengeredwa

Ndinamufunsa mnyamatayo mafunso atatu, tikuwerengera limodzi pa foni.

Loyamba, ntchito yatsala yochuluka bwanji? Asayimenti yake inali nkhani ya mawu 2,500 yofotokoza zomwe zinayambitsa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Anali atalemba mawu pafupifupi 1,400. Anatsala ndi 1,100, kuphatikizapo kusanja mndandanda wa mabuku omwe wagwiritsa ntchito. Mabuku awiri mwa amenewo anali osatulutsa mu laibulale, choncho kumudzi sakanatha kupita nawo.

Lachiwiri, pa tsiku amalemba mawu angati, osadzinamiza? Poyamba anati 1,000. Nditamufunsa kuti mawu 1,400 aja anamutengera masiku angati, anavomera kuti atatu. Ndiye kuti pa tsiku lokhala ndi makalasi amakwanitsa mawu 500 kapena kucheperapo. Mawu 1,100 afuna masiku awiri ndi kachidutswa, ndipo mndandanda wa mabuku ndi kuwerenganso zifuna theka lina la tsiku. Onse pamodzi, masiku atatu.

Lachitatu, adzakhalanso pa desiki liti? Kuchoka ku Zomba kukafika kumudzi ku Kasungu, kusintha galimoto ku Lilongwe, ndi ulendo wodya tsiku lonse. Lachitatu pa 12 Novembala linali la pamsewu. Kuika maliro kunali Lachinayi. Lachisanu linali losesa ndi kukambirana za pabanja, ndipo mdzukulu wamkulu sangazembe. Loweruka, pamsewunso. Ndiye kuti tsiku loyamba kugwira cholembera linali Lamulungu pa 16. Masiku atatu kuchokera pamenepo: Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri. Tinawonjezera m'mawa umodzi wotetezera magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, n'kufika pa Lachitatu, 19 Novembala, 12 koloko masana.

Taonani chimene chachitika apa. Pa kalendala akupempha masiku asanu, kuchoka pa 14 kufika pa 19. Koma masiku ogwirira ntchito amene akupeza ndi atatu okha, ofanana ndi atatu amene maliro amudyera: Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Sakupeza mwayi woposa anzake. Muyeso wa pempho labwino ndi umenewu: kupempha masiku amene vuto lakulanda, osapitirira.

Pali njira ziwiri zolakwira muyesowu. Ena amapempha sabata ziwiri pa vuto la masiku atatu, ndipo alekichara amaona msanga kuti munthuyu anali asanayambe n'komwe. Ena, chifukwa cha manyazi, amapempha tsiku limodzi lokha kuti aoneke odzichepetsa, kenako amalephera kulisunga. Kulakwa kwachiwiriku n'koipa kuposa koyamba, pakuti tsiku limene walephera ndi lomwe unadzisankhira wekha, ndipo pempho lachiwiri silimveka ngati loyamba.

Chimodzimodzi ndi matenda. Wogwidwa ndi malungo akapatsidwa LA amamwa masiku atatu, ndipo thupi limatsala lofooka tsiku lina kapena awiri. Kuwerengera kumayambira pa tsiku limene angakhale tsonga n'kuwerenga, osati tsiku limene watuluka kuchipatala.

Chifukwa choona, m'mawu ochepa

Titagwirizana za tsiku, mnyamatayo anafunsa funso limene ndikukhulupirira kuti ambiri amalifunsa chamumtima. "Amalume, kodi agogo amawerengedwa? Anzanga akuti alekichara sakhulupirira za agogo. Bwanji ndinene kuti ndi amayi aang'ono amene amandilipirira fizi?"

Anzakewo sananame kuti nkhani ya agogo inafala. Alekichara ena amaseka okhaokha kuti agogo amakonda kumwalira m'sabata ya asayimenti. Koma mankhwala ake si kukuza malirowo. Bodza lotere limafuna kulikumbukira zaka zonse zomwe watsala nazo pasukulu, ndipo dziko lathu ndi laling'ono: alekichara akhoza kukhala a boma lomwelo, kapena mnzako wa m'kalasi angatchule zoona osadziwa kuti unanena zina. Komanso m'masukulu a ukachenjede, kupereka kalata yabodza ya kuchipatala kapena ya maliro ndi mlandu wopita ku komiti yosungitsa mwambo, pamene kuchedwa kupereka ntchito kumangodya malikisi.

Chimene chimapangitsa chifukwa kukhala chokhulupirika si kukula kwake, koma kugwirika kwake. "Ndili ndi mavuto a kumudzi" sizigwirika. "Agogo anga amwalira lero, maliro aikidwa Lachinayi ku Kasungu, ndibwerera Loweruka" zikugwirika, chifukwa muli masiku ndi malo oti munthu angathe kufufuza atafuna. Mizere iwiri yakwana. Za mmene anadwalira ndi mmene mtima ukupwetekera n'zoona ndithu, koma sizisintha yankho.

Umboni mumautchula ngakhale musanaupeze. Wa matenda ndi tsamba la buku la kuchipatala la tsiku limenelo kapena kalata ya dokotala. Wa maliro ungakhale kalata ya a mfumu, ya ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ngakhale pologalamu ya mwambo wa maliro ngati inasindikizidwa. Polijambula buku la kuchipatala, jambulani tsamba lofunikalo lokha, pakuti m'menemo mumakhala mbiri ya matenda ena amene alekichara sayenera kuwadziwa. Ngati vutolo ndi lachinsinsi, monga nkhanza kapena matenda a maganizo, simukakamizidwa kulitambasula mu imelo. Ndi zokwanira kunena kuti muli ndi vuto la thanzi kapena la pabanja limene mwakalifotokoza ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndipo ofesiyo ikhoza kuchitira umboni.

Nanga ngati chifukwa chake n'chakuti munazengereza, kapena ntchito zitatu zinagwera sabata imodzi? Nenani zomwezo. Mwina akukanirani, mwina akupatsani tsiku limodzi, mwina alandira ntchitoyo n'kudulako malikisi monga mwa lamulo la kosiyo. Zonsezi n'zopepuka poyerekeza ndi kugwidwa ndi chinyengo chotchuka chija chotumiza fayilo yosatseguka kuti upeze masiku awiri aulere. Alekichara anachidziwa kalekale, ndipo ambiri amangoiwerengera ntchito yotereyo kuti sinaperekedwe.

Chinthu chimodzi chimene chimalankhula kuposa mawu onse ndi ntchito imene mwachita kale. Ndinamuuza mnyamatayo kuti amatirire mawu 1,400 aja pa imeloyo, ngakhale anali osakonzedwa bwino. Anachita manyazi nawo, koma ndi omwe anasonyeza kuti maliro anamupeza ali pa ntchito.

Imelo imene inapita

Ku yunivesite makalata otere amalembedwa m'Chingerezi, ndipo yake inapita choncho. Pano ndaiika m'chinenero chathu kuti kamangidwe kake kaoneke. Pa mzere wa Subject analembapo kodi ya kosi, nambala ya asayimenti, mawu akuti akupempha kuwonjezeredwa nthawi, ndi nambala yake ya pasukulu. Mkati munali motere:

"Wokondedwa Dokotala,

Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri mu kosi yanu ya mbiri ya Malawi. Ndikupempha kuti mundilole kupereka asayimenti yachiwiri Lachitatu pa 19 Novembala, 12 koloko masana, m'malo mwa Lachisanu pa 14 Novembala.

Agogo anga amwalira lero. Ndinyamuka mawa kupita ku Kasungu, maliro aikidwa Lachinayi, ndipo ndibwerera ku Zomba Loweruka. Ndidzabweretsa kalata yochitira umboni.

Ndalemba kale mawu pafupifupi 1,400 mwa 2,500, ndipo ndawamatirira pa imelo ino. Zotsalazo zikufuna mabuku a mu laibulale, n'chifukwa chake sindingamalizire kumudzi.

Ngati tsiku limeneli silingatheke, chonde ndiuzeni limene lingatheke ndipo ndilitsata.

Zikomo kwambiri."

Pansi pake anaikapo dzina lonse monga lilili m'kaundula, nambala ya pasukulu ndi nambala ya foni.

Ulemu sunasowe m'kalatayi. Uli m'kutchula alekichara ndi udindo wawo weniweni ndi dzina la bambo awo: ngati ndi dokotala kapena pulofesa, atchuleni choncho, ndipo onetsetsani pa pepala la dongosolo la kosi kuti dzinalo mwalilemba molondola. Ulinso m'mawu akuti "ndikupempha kuti mundilole", osati "ndikukudziwitsani kuti ndipereka". Ndipo uli mu mzere womaliza uja, umene ukubwezera chiweruzo m'manja mwa mwini wake. Tsiku mwalitchula ndinu, koma wolivomereza ndi iwo.

Tinasinthanso potumizira. Mnyamatayo anafuna kugwiritsa ntchito adiresi yake yakale yokhala ndi dzina lachibwana la ku sekondale. Imelo yochokera ku adiresi yachilendo ikhoza kugwera mu Spam, ndipo ngakhale ifike, alekichara sangadziwe mwini wake. Adiresi ya sukulu ndiyo yoyenera. Za WhatsApp, pokhapokha ngati alekichara ananena okha kuti njira imeneyo ndi yololedwa. Imelo imasunga tsiku ndi ola, ndipo ikadzabuka nkhani ya malikisi kumapeto kwa semesita, ndiyo idzakuyankhulireni.

Nthawi yotumizira, ndi zochita yankho likachedwa

Imelo yomweyi ikatumizidwa Lachiwiri ndi pempho. Ikatumizidwa Lolemba lotsatira, tsiku litadutsa, ndi kupepesa, ndipo alekichara amakhala ndi mpata wochepa wothandizira chifukwa lamulo la kuchedwa layamba kale kugwira ntchito. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukangodziwa kuti simukwanitsa, lembani tsiku lomwelo, ngakhale muli pa depoti. Woti wagonekedwa m'chipatala osatha kulemba, mnzake kapena kalasirepu akhoza kuwadziwitsa alekichara, mwini wake n'kudzalemba yekha akatsitsimuka.

Mukatumiza, tsegulani Sent muone ngati yapitadi. Kumene netiweki ili yofooka kapena bando yatha, Gmail ya pa foni imasunga imelo mu Outbox, makamaka ikakhala ndi chomatirira cholemera, ndipo munthu amayenda ulendo wonse akuganiza kuti anapempha pamene kalata ikadali m'thumba mwake.

Kukhala chete kwa alekichara si kuvomera. Ngati lapita tsiku lathunthu la ntchito popanda yankho, lembaninso mzere umodzi pogwiritsa ntchito Reply pa imelo yomweyo, kuti yoyamba ija ionekere pansi. Kamodzi n'kokwanira. Ngati nthawi yoperekera yafika yankho kulibe, perekani chimene muli nacho, n'kulemba kuti ndi chosamaliza ndipo pempho lanu lidakalipo. Ntchito yosatha imapeza malikisi ena, yosaperekedwa sipeza kanthu.

Dziwaninso malire a imelo yotere. Alekichara ali ndi mphamvu pa asayimenti ya kosi yawo. Mayeso a kumapeto kwa semesita si awo okha: kuwaphonya kumadutsira kwa mkulu wa dipatimenti ndi maofesi ena monga mwa malamulo a sukuluyo, ndipo kumafuna zikalata. Vuto lotenga milungu ingapo nalonso silithetsedwa ndi maimelo asanu kwa alekichara asanu. Limayenera kukafika ku ofesi yoona za ophunzira kuti lidziwike pamalo amodzi. Ndipo ntchito ikakhala ya gulu, musapemphe panokha anzanu asakudziwa: gwirizanani kaye, n'kuwaika pa CC.

Yankho

Imelo ya mnyamatayo inapita 10 koloko isanakwane usiku womwewo. Yankho linamupeza m'mawa ali m'basi, atangodutsa Balaka, ndipo ananditumizira chithunzi chake. Linali la mizere itatu. Alekichara anamupepesa chifukwa cha zovutazo, n'kunena kuti Lachitatu silitheka popeza ndi tsiku limene adzakambirane nkhaniyo m'kalasi, koma amutsegulira mpaka Lachiwiri pa 18, 5 koloko madzulo.

"Amalume, andidula tsiku," anadandaula.

Ndinamuuza awerengerenso. Masiku atatu aja anali akadalipo, chomwe chinapita ndi madzulo a Lachiwiri ndi m'mawa wotetezera uja. Anayankha alekichara kuti zikomo, akutchulanso tsiku ndi ola latsopanolo kuti pasakhale kusamvana. Loweruka pobwerera, ndime ziwiri anazilembera m'kope ali pa mpando wa basi. Lachiwiri cha m'ma 3 koloko masana asayimenti inalowa, ndipo kalata ya a mfumu anakaisiya ku ofesi ya alekichara m'mawa mwake, ngakhale iwo anali asanaiitanitse.